Che Namasite, Telala Wowerama wa ku Balaka

A Blasius ankaweramira aliyense. Sindikunena kuwerama kwathu kuja kopinda bondo uku ukuwomba m'manja, ayi. Iwo ankaphatikiza zikhatho pachifuwa, zala zitaloza kumwamba, n'kutsitsa mutu pang'onopang'ono, kenako n'kunena kuti, "Namaste." Ankatero kwa wansembe wa ku mishoni, kwa wokhometsa msonkho wa pamsika, kwa kamwana kobwera kudzaikitsa chigamba pa kabudula, ndipo tsiku lina ndinawaona ndi maso angawa akuweramira chidakwa chomwe chinali chitagona m'ngalande. Balaka yense anaiwala dzina lawo la ubatizo. Tinkangoti Che Namasite.

Ine ndine Sofia. Masiku amenewo ndinali ndi katiyirumu pafupi ndi njira yopita ku siteshoni ya sitima, ndipo khoma langa linagundana ndi sitolo ya mmwenye wina wokalamba, a Dayalji. Pakhonde la sitoloyo ndi pomwe panali makina osokera a a Blasius. Tsidya la msewu, moyang'anizana nafe, panali butchala ya Che Usumani, Myao wa ku Nsanama, wopha mbuzi. Ndiye ngati pali munthu amene anaona zonse ndine, chifukwa ketulo siiletsa maso kuyenda.

A Blasius anali Mlomwe, Mkatolika, wamtali ngati nsungwi, wopanda mkazi. Akuti mkazi analipo kale ku Phalombe, koma anatopa ndi mwamuna yemwe ukamufunsa za ndiwo amayamba wakufotokozera komwe mawu akuti ndiwo anachokera. Ine sindimuweruza mayi ameneyo. Ndikanakhala ine sindikanafika ndi pa Khirisimasi pomwe.

Matenda ofukula mawuwa anakula atakumana ndi a Dayalji. Mdalayu anali mwana wa wansembe wa kwawo ku Indiya, ndipo ali mwana anaphunzira chinenero chawo chakalekale chotchedwa Sansikiriti, chomwe sagulitsira sopo kapena kutukwanira wantchito, chili ngati Chilatini cha kutchalitchi kapena Chiarabu cha kumzikiti. Ana ake analibe nacho ntchito, iwo mtima unali pa malonda. Ndiye m'mawa uliwonse, sitolo isanatsegulidwe, mdala ankayala mkeka kuseri, pansi pa mlambe, n'kumachita yekha zomwe ankati yoga. A Blasius anasuzumira kamodzi, kawiri, kachitatu anavula nsapato. Mdala anapeza khutu lomwe ankalisowa, telala anapeza mawu oti azitisautsa nawo.

Mawuwo mdala ankawapereka monga ankaperekera mbasela ya mchere, pang'ono kwambiri komanso mochita kuwawidwa mtima. A Blasius akalandira amodzi ankathamangira nawo kwa ine, ine ndili kalikiliki ndi makasitomala.

"Mayi Sofia, mukudziwa kodi kuti yoga n'chiyani?"

"Ndikudziwa kuti tiyi wanu akuzizira."

"Ndi goli! Goli lenileni la ng'ombe za pangolo. Muzu wake ndi yuj, kumanga m'goli. Thupi ndi ng'ombe ina, maganizo ndi ng'ombe ina. Ina ikufuna kudambo, ina ikufuna kumudzi, ngolo ili m'dzenje. Ukazimanga pamodzi, ulendo ulipo."

"Nanga zopindapinda zija, mwendo pakhosi ngati nkhuku ya m'thumba?"

"Zija ndi asana. Koma musanamizidwe, asana si kudzipinda. Muzu wake ndi as, kukhala pansi. Asana ndi pokhala, kapena kakhalidwe ka munthu wokhala pansi, wokhazikika, wosamva kuwawa. Zopindazo zimangokonza thupi kuti ukakhala lisamakusokoneze."

"Ndiye mwavutika kupita kwa mmwenye kuti akuphunzitseni kukhala pansi? Amuna a pa Balaka pano akhala pansi chibadwire, bawo ili pakati."

Sanakwiye. Vuto la a Blasius linali limenelo, ukawanyoza ankaona ngati wafunsa funso. Anandifotokozera kuti asana iliyonse ili ndi dzina la chinthu chomwe thupi likutsanzira. Padma ndi duwa la pamadzi longa kakombo, ndiye padmasana ndi kukhala utapingasa miyendo, phazi lililonse lili pantchafu ya mwendo winawo. Vriksha ndi mtengo, ndiye vrikshasana ndi kuima ndi mwendo umodzi. Imeneyi ankaichita ngakhale podikira makala a mu ayironi kuti ayake, anthu odutsa n'kumafunsana ngati telala wabayidwa ndi minga.

Imodzi yokha ndiyo anaiwala kutichenjeza. Linali tsiku la mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Balaka lija loti ngakhale mbuzi zimasiya kuba. Mayi wina anabwera kudzatenga diresi yake, pakhonde sanapeze munthu, n'kuzungulira kuseri. Anapeza a Blasius ali chagada pamkeka, miyendo ili tasa, zikhatho zitayang'ana kumwamba, maso ali tseke, ntchentche ikuyenda pamphumi mwaufulu. Mayiyo anakuwa. Ine ndinasiya ketulo pamoto, amayi a tomato anasiya tomato, ndipo posakhalitsa kuseri kuja kunali maliro athunthu. Wina anali atathamangira kale kwa akatekisiti. Tili pakati pa kulira, malemuwo anatsegula diso limodzi.

"Pepani, amayi, sindinamalize."

Anthu anagwetsana pothawa. Ine ndekha ndinatsala.

"Imeneyi ndi shavasana," anatero akudzuka. "Shava ndi mtembo. Umagona ngati mtembo, osagwira kanthu, osalimbitsa mnofu uliwonse, koma uli maso m'kati. Ndi yovuta kuposa zonse."

"Yovuta ndi yomwe ndikuchiteni ineyo," ndinatero, ndipo ndinawalalatira mpaka mkaka wanga unapserera.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankaseka zinthu zimenezi, Che Usumani. Iwowa anali ndi mphumu. Nyengo ya fumbi ikafika, ankasiya chikwanje n'kugwira thebulo ndi manja onse awiri, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka, maso atatuluka ndi mantha. Tsiku lina a Blasius anawoloka msewu, n'kuwakhazika pabenchi, msana chilili.

"Musalimbane nawo mpweya wolowa, Che Usumani. Samalani wotuluka. Utulutseni pang'onopang'ono, utalike."

Zitadutsa, Che Usumani anafunsa kuti mankhwala amenewa dzina lake n'chiyani. Kufunsa a Blasius dzina la chinthu kunali kudziputira.

"Pranayama. Ndi mawu awiri olumikiza. Prana ndi mpweya, koma osati wa mu tayala la njinga, ndi mpweya wa moyo, uja umati ukachoka anthu n'kuyamba kukumba. Ayama ndi kutalikitsa, kutambasula monga ndimatambasulira nsalu pathebulo, komanso kugwira kuti chinthu chisathamange. Pranayama ndi kutalikitsa mpweya ndi kuuweta."

M'mawa mwake pansi pa mlambe panali mikeka itatu. Ndinkawaona ndikamatsuka makapu: mmwenye, Mlomwe ndi Myao, atakhala mwakachetechete, aliyense atagwira mphuno yake. Chala chachikulu chimatseka mphuno ya kumanja, mpweya n'kulowera kumanzere. Kenako amatseka zonse ziwiri kanthawi, n'kutsegula ya kumanja kuti utuluke mosathamanga, n'kuulowetsanso komweko, n'kuutulutsira kumanzere. Kulowetsa ankati puraka, kudzaza. Kutulutsa ankati rechaka, kukhuthula. Kugwira kwa pakati kuja ankati kumbhaka, kuchokera ku kumbha, mtsuko, chifukwa chifuwa chimakhala ngati mtsuko wodzaza womwe sukhavukira. Koma Che Usumani mdala anawaletsa kugwira mpweya, anati mtsuko wawo ndi wong'aluka, iwo azingokhuthula mofatsa. Mphumu sinathe, musandimve molakwa, mapiritsi a kuchipatala ankamwabe. Chomwe chinatha ndi mantha aja.

Pomaliza onse atatu ankaphatikiza manja n'kunena kuti namaste. Che Usumani ankanena nawo mosavuta, poganiza kuti ndi moni wa chimwenye, ndipo a Blasius nawonso ankadziwa choncho. Mawu amenewa mdala anali asanawamasule.

Kenako, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, boma linalamula kuti amwenye achoke m'malo a malonda a kumidzi, apite m'mizinda ikuluikulu. Masiku amenewo lamulo sunkalifunsa kuti bwanji. A Dayalji anagulitsa sitolo kwa munthu wakuda, ana awo anapakira katundu mu lole, ndipo ife tinaima pamsewu kuonerera, ena akumva chisoni, ena akuwerengera kale mashelefu. Mdala atatsala pang'ono kukwera, anabwerera pakhonde pomwe a Blasius anaima atagwira sizasi. Ine ndinali pafupi, ndinamva zonse.

"Blasius, wewe funsa mawu onse, awa sunafunse," anatero m'Chichewa chake chothyokathyoka chija. "Namas ndi kuwerama, kupereka ulemu mutu uli pansi. Te ndi kwa iwe. Namaste, ndikuweramira iwe."

Atatero, mmwenye mwini sitolo, munthu yemwe kwa zaka zambiri telala ankamutchula bwana, anaphatikiza manja n'kuwerama kwambiri pamaso pa a Blasius, Balaka yense akuona. Lole inanyamuka. A Blasius anakhala pamakina tsiku lonse osapalasa ngakhale kamodzi. Patapita miyezi tinamva kuti mdala wamwalira ku Limbe, ndipo uthenga unafika mwambo utachitika kale.

Pansi pa mlambe panatsala mikeka iwiri. Ndinene mosabisa: padziko lonse lapansi a Blasius anatsala ndi munthu mmodzi yekha wokhala naye pansi, ndipo munthuyo anali Che Usumani. Ena tonsefe tinkawakonda monga umakondera chinthu chokuseketsa. Mawu omaliza a mdala aja anawasunga mumtima nthawi yaitali, osauza aliyense, zomwe kwa a Blasius zinali ngati kusunga khala la moto m'thumba. Tsiku lina atamaliza kupuma kwawo anabwera onse awiri kudzamwa tiyi, ndipo ndinaona nkhope ya telala ikuwala. Ndinadziwiratu kuti kukubwera mawu.

"Che Usumani, lero ndikugawireni chomwe anandisiyira mdala uja."

"Nsalu?"

"Iyayi, choposa nsalu. Namaste uja si moni wamba. Namas ndi kuwerama, te ndi kwa iwe. Tikamatero timakhala tikunena kuti ndikuweramira iwe."

Che Usumani anaika kapu pansi. "Tabwerezani."

A Blasius anabwereza mokondwa, mochita kutafuna liwu lililonse.

"Ndiye zaka zonsezi ine ndakhala ndikuuza munthu kuti ndikumuweramira?"

"Eya! Inenso kuweramira inu. Si zokoma zimenezo?"

"Ndifunseko chimodzi, Che Blasius. Mmwenye uja akamapemphera kwa milungu yake, kutsogolo kwa zithunzi zija, ankanena mawu ati?"

Apa ndinawaponda phazi a Blasius pansi pa thebulo. Munthu wanzeru akanakhosomola, akanati sindikudziwa, akanapempha shuga. Koma iwo anangosuntha phazi lawo mwaulemu.

"Omwewo. Namas yemweyo. Amanena kwa milungu, amanenanso kwa munthu."

"Asitaghafirula!" Che Usumani anaimirira. "Ine mutu uwu ndimautsitsa pa swala, ndipo ndimautsitsira Mmodzi yekha. Ngakhale bambo anga ondibereka sindinawaweramirepo choncho. Inu mwandidyetsa chinthu osandiuza kuti n'chiyani."

"Inenso sindinkadziwa."

"Lero mwadziwa, inenso ndadziwa."

Anawoloka msewu, tiyi atamusiya theka. M'mawa mwake pansi pa mlambe a Blasius anayala mikeka iwiri, ndipo dzuwa litakwera anapinda iwiri, umodzi usanakhalidwe.

Ine zinandinyansa. Amuna awiri a imvi kudana chifukwa cha mawu a anthu a kutsidya kwa nyanja! Ndinayamba ndi Che Usumani. Iwo anati alibe chidani ndi munthu, ndipo kupuma kuja alibe nako mlandu chifukwa mpweya ndi wa Mulungu. Telala angosiya kuwaweramira, azinena moni ngati anthu onse, kapena anene pamaso pawo kuti mawu aja ndi moni chabe, iwo abwerera pamkeka mawa lomwe. Ndinaona kuti nkhani yatha, n'kuthamangira pakhonde.

"A Blasius, kodi amwenye enieniwo akakumana pamsika n'kunena namaste, amakhala akuganiza zowerama?"

"Iyayi, ambiri amangonena ngati moni."

"Basitu! Kauzeni mnzanu zimenezo."

"Ndingamuuze kuti ambiri amatero. Koma iye akufuna ndinene kuti mawuwo alibe kanthu m'kati."

"Ndiye nenani! Mutaya chiyani?"

Anasiya kupalasa makina n'kundiyang'ana. "Mayi Sofia, munalipo tsiku lija. Chomwe anandipatsa mdala uja pakhonde pano chinali moni?"

Munthuyu moyo wake wonse anali wosokera ena zigamba, woitanidwa ndi likhweru, ndipo kamodzi kokha munthu anamutsitsira mutu. Kuti anene kuti mawu aja ndi opanda kanthu, ndiye kuti tsiku lija nalonso linali lopanda kanthu. Ndinawamvetsa, koma ndinawauzabe kuti ndi wouma mutu ngati chitsa cha mtsanya.

Kuyambira pamenepo Balaka inapeza sewero la m'mawa uliwonse. Che Usumani akamatsegula butchala, a Blasius ankaimirira pakhonde, kuphatikiza manja, n'kuwerama moyang'ana tsidya. Che Usumani ankatembenuza nkhope n'kuyang'ana kumpoto ngati kukubwera basi. Makasitomala anga ankachita kulawirira kuti asaphonye. Nyengo ya fumbi tinkamuona wa butchala atakhala kuseri kwa nyama zake, msana chilili, akutulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndipo telala tsidya lino ankaimitsa makina mpaka chifuwa chija chitakhala bata. Koma kulankhulana ayi. Mkazi wa Che Usumani, a Lukiya, ankabweretsa mikanjo ya amuna awo kwa ine kuti ndikapereke kwa telala, ngati kuti msoko wa a Blasius pali amene sankaudziwa.

A Blasius anayesa kusaka wina wokhala pamkeka uja. Anayesa aphunzitsi, anayesa wogulitsa matikiti ku siteshoni, anayesa ngakhale ine. Ndinawauza kuti tsiku lomwe ndidzapeze nthawi yokhala pansi osachita kanthu ndidzagona tulo. Yekhayo amene anabwera anabwera ndi zina. Anali Wadson, mkulu wa ayufi a chipani, aja a malaya ofiira oima pageti la msika kufunsa makadi. Anthu anali atamutsina khutu kuti kuseri kwa sitolo kuli munthu amene amakhala chete maso ali otseka, ndipo masiku amenewo munthu wokhala chete ankaopsa kuposa wolankhula.

"Mdala, mukatseka maso mumaganiza chiyani?"

"Ndimayesetsa kusaganiza kanthu."

"Kusaganiza kanthu za boma?"

"Za chilichonse."

Wadson anasinkhasinkha ngati umenewu ndi mlandu kapena ayi. "Nanga mumaweramira ndani? Dziko lino woweramiridwa alipo mmodzi."

"Panopa ndikuweramira inuyo, achimwene. Namaste."

Zimenezi Wadson zinamukomera. Anati kuti atsimikize kuti mulibe ndale, ayese yekha. A Blasius anasangalala ngati mwana, anakutumula mkeka uja, n'kumuuza kuti angokhala mwawamba. Koma Wadson anati iye si munthu woyambira pansi, akufuna ya duwa ija. Anakoka phazi lina n'kuliika pantchafu, anakakamiza linalo, ndipo miyendo inakolana. Tinamva kukuwa. Anyamata ake awiri anachita kumunyamula ali chikhalire, malaya ofiira ali nyowe ndi thukuta, n'kukamumasulira mu tiyirumu mwanga. Lipoti lake linali lakuti ndale mulibe, koma munthu asayerekeze. Sanabwerenso.

Zaka zinapita. Anthu anayamba kuvala kaunjika, ntchito pakhonde inachepa, ndipo mwini sitolo watsopano analibe chogulitsa chenicheni kupatula machesi ndi palafini. A Blasius ankayalabe mikeka iwiri. Nthawi zina ndikamatsuka makapu ndinkawamva akufotokozera mlambe tanthauzo la mawu, ndipo ndinasiya kuseka. Kenako anayamba kukhosomola. Anapita kuchipatala ku Liwonde, anakhalako, n'kubwerako atatha ngati chingwe. Kuwerama kwa m'mawa sanasiye, kungoti tsopano ankagwira mzati wa khonde podzuka. Tsiku lina sanatuluke. Ndinaona Che Usumani akutsegula butchala, n'kuima, n'kutsekanso loko, n'kutsegulanso.

A Lukiya anayamba kundipatsira msuzi wa mbuzi kuti ndizikapereka ku kachipinda ka a Blasius kuseri kwa sitolo. Ankati amuna awo asadziwe, chonsecho nyama yake inali yosankhidwa ndi dzanja la mwini butchala. Masana ena ndinalowa ndi msuziwo n'kupeza zinthu zaipa. Munthu yemwe anaphunzitsa ena kuweta mpweya anali akuuthamangitsa ngati nkhuku yothawa, kukamwa kuli yasa, maso odzaza mantha. Ndinaika mbale pansi n'kuwoloka msewu osayang'ana ndi galimoto lomwe.

"Che Usumani, mnzanu akulephera kupuma."

Anapitiriza kudula nyama. "Ndamva."

"Mwamva? Ndiye khalani ndi kumva kwanuko. Mudzauze Mulungu wanuyo kuti mutu munausunga bwino, sunapindike."

Ndinabwerera mwaukali. Ndisanafike pakhonde ndinamva madzi akukhuthukira m'beseni. Che Usumani anasamba m'manja, anavula epuloni, anakonza kofia yawo, n'kuwoloka. Amayi a tomato anasiya kuitanira malonda.

M'kachipindamo anavula nsapato n'kukhala pansi pafupi ndi mphasa ya wodwalayo, miyendo atapingasa, msana chilili. A Blasius atawaona anayamba kukweza manja, kuwaphatikiza pachifuwa, mutu ukuyesa kudzuka pa pilo. Ine mumtima ndinati basi, zathera pomwepa, munthu uyu afa ndi khalidwe lake. Koma Che Usumani sanayang'ane kumbali. Anatambasula manja awo akuluakulu aja n'kugwira manja ophatikizawo, kuwatsekera m'kati mwa awo.

"Mutu usiyeni pa pilo, Che Blasius. Musalimbane nawo wolowa. Samalani wotuluka. Tiyeni limodzi."

Anapuma limodzi. Poyamba wodwalayo ankathamanga, mnzakeyo n'kumamudikira, kutulutsa pang'onopang'ono kuti amve. Patapita nthawi mapewa a a Blasius anatsika, kukamwa kunatsekeka, ndipo mantha aja anachoka m'maso. Atapeza kampweya kolankhulira ananong'ona.

"Namaste."

Che Usumani anakhala chete, manja ali chigwirire.

"Simunayankhe," anatero a Blasius.

"Sindiyankha."

"Ndikudziwa." Anatseka maso. "Ingokhalani."

Anakhala. Butchala inatsekedwa tsiku limenelo ndi masiku otsatira, nyama a Lukiya anagawira anthu isanawonongeke. Che Usumani ankachoka pa nthawi ya swala yokha, n'kubwerera pamalo pomwepo. Sabata isanathe a Blasius anatisiya, dzuwa likupendeka, manja awo ali m'manja mwa mnzawo. Ine ndinalira kwambiri, ndipo sindichita manyazi kunena.

Makina anabwera kudzatenga mphwawo wa ku Phalombe yemwe tinali tisanamuonepo. Pakhonde panatsala mabowo anayi pomwe panaima miyendo ya makinawo. Balaka sinasinthe, sitima inkabwerabe mochedwa, fumbi linali lomwelo, koma m'mawa munakhala mopanda mchere. Ana opita kusukulu ankadutsa pakhonde paja osachedwa, chifukwa panalibenso munthu wamkulu woti awatsitsire mutu iwo n'kuthawa akuseka. Makasitomala anga anasiya kulawirira. Ine ndemwe ndinkapezeka ndatsuka kapu imodzi kawiri, khutu lili kukhomo, kudikira munthu woti adzandisokoneze ndi mawu omwe sindinawapemphe.

Che Usumani anatsegulanso butchala, koma anakalamba msanga. M'mawa wina anabwera kudzamwa tiyi, koyamba chichokereni tsiku la mkangano lija. Anakhala moyang'ana pakhonde, tiyi akuzizira.

"Mukudwala, Che Usumani?"

"Iyayi."

"Nanga bwanji mukutsegula mochedwa masiku ano? Anthu akudandaula."

Anazunguza supuni m'kapu nthawi yaitali.

"Mayi Sofia, zaka zonse zija ine ndinkadzuka m'mamawa, kusamba, kuthamanga, kuti munthu uja akamatuluka andipeze ndilipo, ndimukane." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Tsopano ndilawirire ndani?"